Mnzanu wakupatsani sivi kuti mumuonere: mafunso ndi mayankho

Kwa Mbenje, m'boma la Nsanje, ntchito zolembedwa sizibwera kawirikawiri, ndipo zikabwera nthawi zambiri zimakhala za miyezi yowerengeka: kalembera wa bungwe lina, kugawa thandizo madzi akasefukira, ukalaliki pogula mbewu, kapena ntchito ya nyengo ku minda ya nzimbe ku Nchalo. Chidziwitso cha ntchito chikangomatidwa pa Bangula kapena kuyamba kuzungulira pa WhatsApp, achinyamata amathamangira kumalo otayipira kukakonza sivi, pepala lija lofotokoza maphunziro a munthu ndi ntchito zimene wagwirapo. Ambiri asanakapereke amayamba apatsa mnzawo n'kunena kuti, "Tandionereko." Mnzakeyo amatembenuza masamba, n'kuyankha kuti, "Ili bwino, kaperekeni." Yankho limeneli lagwetsa anthu ambiri amene akanatha kuitanidwa. Mafunso ali m'munsiwa ndi a munthu amene wapatsidwa pepala lotere ndipo akufuna kuthandiza zenizeni popanda kukhumudwitsa mnzake.

Ndiyambire pati ndikalandira sivi ya mnzanga?

Musayambire pa sivi. Yambani mwapempha chidziwitso cha ntchito imene akufunsirayo, kaya ndi chithunzi chimene anajambula pa bolodi, kaya ndi uthenga wa pa foni. Sivi siikhala yabwino kapena yoipa payokha; imakhala yoyenera kapena yosayenera ntchito inayake. Munthu wosankha ofunsira amakhala ndi mulu wa makalata ndi mndandanda wa zofunika, ndipo amachonga mmodzimmodzi kuti uyu ali nazo, uyu alibe. Inu mukuyenera kuwerenga ndi maso a munthu ameneyo.

Tengani pepala lina, mulembe zonse zimene chidziwitsocho chikufuna, chilichonse pamzere wake. Kenako werengani tsamba loyamba la sivi mofulumira, kwa mphindi imodzi yokha, n'kulivundikira. Dzifunseni kuti pa zofunika zija, ndi zingati zimene mwaziona. Ngati ntchito ikufuna munthu wodziwa Chisena, koma mawu oti mnzanuyo amalankhula Chisena ali pansi penipeni pa tsamba lachitatu, ndiye kuti mwapeza kale vuto loyamba.

Mufunsenso tsiku lotsekera kulandira makalata ndi njira yoperekera. Ngati kwatsala sabata, mutha kukambirana zosintha dongosolo lonse. Ngati akutseka mawa ndipo kalatayo iyenera kukafika ku Nsanje boma pamanja, musamuuze zinthu khumi. Muuzeni ziwiri kapena zitatu zimene angakonze lero malo otayipira asanatseke.

Ndi zolakwa ziti zimene zingamugwetse ngakhale ali woyenera ntchitoyo?

Choyamba ndi nambala ya foni, ndipo ndikuika patsogolo chifukwa anthu amaiona ngati nkhani yaing'ono. Imbani nambala imene yalembedwa pa sivi mnzanuyo ali pomwepo. Mungadabwe kuti wotayipa anasemphanitsa manambala awiri, kapena kuti ndi nambala yakale imene simukhadi yake inatayika. Kumidzi kumene foni imakatchajidwa kumsika ndipo imakhala yozima masana onse, ndi bwino kuwonjezera nambala yachiwiri ya m'bale amene wauzidwa kuti pakhoza kubwera foni ya ntchito. Olemba ntchito akaimba kawiri osayankhidwa, kawirikawiri amapita kwa wotsatira. Imelo nayonso ifunseni: anaitsegula yekha kapena anamutsegulira munthu wa pamalo otayipira? Mawu achinsinsi olowera akuwakumbukira? Mumuuze aitsegule pa foni inu mukuona. Imelo imene mwini wake sangalowemo ndi bwino kuichotsa kusiyana n'kuisiya kuti uthenga womuitana ukagwere mmenemo.

Chachiwiri ndi dzina. Liyerekezeni pa zinthu zitatu: sivi, setifiketi ya sukulu ndi chiphaso cha unzika chimene boma linayamba kupereka mu 2017. Si zachilendo kupeza munthu amene kusukulu analembetsa ndi dzina la agogo kapena la amalume amene ankamulipirira, pa chiphaso n'kukhala ndi dzina la bambo ake, pa sivi n'kulemba la kubanja kwa mwamuna wake. Wosankha ofunsira sadziwa mbiri yonseyi. Iye amangoona anthu awiri kapena atatu osiyana. Dzina la pa sivi ligwirizane ndi la pa zikalata, ndipo ngati zikalatazo zikusiyana zokhazokha, mnzanuyo afotokoze mwachidule m'kalata yofunsira ntchito komanso akonze kalata yolumbirira kwa majisitireti yotsimikiza kuti mayinawo ndi a munthu mmodzi.

Chachitatu ndi zaka ndi miyezi. Ku Chigwa cha Shire anthu amakumbukira nthawi potengera masoka amene anagwa, ndipo olemba ntchito m'mabungwe amazidziwa bwino zakazi. Madzi aakulu anasefukira mu Januwale 2015. Namondwe wa Idai anali mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, wa Freddy mu Malichi 2023. Kalembera wa anthu ndi nyumba anachitika mu Sepitembala 2018. Sivi ikanena kuti munthu anathandiza pamsasa wa Idai mu 2018, wowerenga amayamba kukayikira pepala lonse, ngakhale kuti kunali kungoiwala chabe. Onaninso ngati palibe miyezi imene akuoneka kuti anali pantchito ziwiri za tsiku lonse nthawi imodzi, kapena anali pantchito ku Blantyre pamene pamwamba palembedwa kuti anali Fomu 4 ku Bangula.

Chachinayi chimachokera kumalo otayipira. Otayipa ambiri amatsegula sivi ya kasitomala wina n'kumasintha mayina. Motero mumapeza tsiku lobadwa la munthu wina, mboni ya munthu wina, kapena chiganizo chapamwamba chonena kuti akufuna ntchito ya uphunzitsi pamene akufunsira ya ukalaliki. Werengani mzere uliwonse mokweza, mukumufunsa kuti, "Izi ndi zanu?"

Pa maphunziro ndiyang'ane chiyani? Iye wangolemba kuti ali ndi MSCE.

Kungolemba kuti MSCE sikukwanira ngati chidziwitso chatchula makirediti. Pa mayeso amenewa magiredi amayambira 1 kufika 9: 1 ndi 2 ndi kupambana kwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, 9 ndi kulephera. Ntchito ikafuna kirediti pa Chingerezi ndi Masamu, ndipo mnzanuyo ali ndi 5 ndi 6 pa maphunziro amenewa, ayenera kulemba zimenezo poonekera, pamodzi ndi chaka ndi dzina la sukulu. Asasiye kuti wosankha achite kufufuza pa fotokope yosaoneka bwino imene ili kumapeto kwa mulu.

Apa pempheni setifiketi yeniyeni muione ndi maso anu. Pali kusiyana pakati pa kulemba mayeso a MSCE ndi kupeza setifiketi ya MSCE, ndipo masivi ambiri amasakaniza ziwirizi. Amene analemba koma sanakhoze alembe zoona: anafika Fomu 4, ali ndi JCE ngati ali nayo. Amene analemba kawiri n'kukweza magiredi alembe zaka zonse ziwiri. Si chinthu chochititsa manyazi, ndipo olemba ntchito ena amaona khama pamenepo.

Kuno kuli vuto lina limene anthu a kumtunda salidziwa kwenikweni: zikalata zimene zinapita ndi madzi kapena zinanyowa n'kufufutika. Ngati zili choncho, mulimbikitseni alondole nkhaniyi ku MANEB ku Zomba kuti apeze chikalata chotsimikiza zotsatira zake, kudzera kusukulu imene analembera, ndipo ayambe tsopano, asadikire kuitanidwa ku intavyu. Masetifiketi a maphunziro a masiku atatu kapena asanu amene mabungwe amapereka alembedwe pagawo lawolawo, osati kusakanizidwa ndi MSCE kapena setifiketi ya TEVETA, ndipo asankhe okhawo okhudza ntchito imene akufunsira.

Mnzanga akuti sanagwirepo ntchito, anangokhala wodzipereka. Pagawo la ntchito tilembepo chiyani?

Apa ndi pamene mnzake wa munthu angathandize kwambiri kuposa wotayipa aliyense, chifukwa inu mukudziwa zimene anachita ndipo mutha kumufunsa. Achinyamata ambiri a kwa Mbenje agwira ntchito yolemetsa m'misasa ya anthu othawa madzi, m'makomiti a ngozi zogwa mwadzidzidzi, m'magulu a banki mkhonde, ndi pa nthawi ya kolera mu 2022 ndi 2023. Koma popeza sankalandira malipiro a pamwezi, amaona ngati sinali ntchito, n'kuilemba mzere umodzi wofooka kapena kuisiyiratu.

Tiyerekeze chitsanzo, kuti muone mmene zimachitikira. Mnzanu ndi mayi wachitsikana wa kufupi ndi Bangula, anakhoza MSCE mu 2018. Bungwe lina likufuna otolera uthenga m'midzi, ndipo chidziwitso chikufuna zinthu zinayi: MSCE yokhala ndi kirediti pa Chingerezi, chaka chimodzi chogwira ntchito ndi anthu a m'midzi, luso lotolera uthenga pa tabuleti kapena foni, ndi kulankhula Chisena. Sivi yake ili ndi masamba anayi. Pagawo la ntchito pali mzere umodzi, umene m'Chichewa ukutanthauza kuti, "Wodzipereka pamsasa, kuthandiza anthu ovutika." Palibe chaka, palibe malo, palibe chimene ankachita.

Musamuuze kuti mzerewu ndi woipa n'kusiyira pomwepo. Mufunseni mafunso asanu, ndipo muzilemba mayankho ake. Unali msasa uti? Munayamba mwezi uti n'kusiya mwezi uti? Tsiku lililonse mukafika m'mawa munkachita chiyani? Munkathandiza mabanja angati? Munkapereka malipoti kwa ndani? Tinene kuti akuyankha motere: mu 2019 anali pamsasa wa pa Bangula kuyambira Malichi mpaka Juni, akulemba mayina a mabanja m'kaundula ndi kuchonga makadi pa tsiku logawa ufa. Kuyambira Novembala 2022 mpaka Januwale 2023 ankayenda khomo ndi khomo ndi mlangizi wa zaumoyo, kugawa kolorini ndi kuphunzitsa anthu kathiridwe kake m'madzi akumwa. Freddy atadutsa, kuyambira Malichi mpaka Ogasiti 2023, anapatsidwa tabuleti yokhala ndi KoboCollect ndipo ankafunsa mabanja pafupifupi 12 patsiku, m'Chisena, n'kutumiza mafomu madzulo.

Tsopano werengerani miyezi pamodzi: 4 ya 2019, 3 ya nthawi ya kolera, 6 ya 2023. Yonse pamodzi ndi miyezi 13. Munthu amene ankati sanagwirepo ntchito wakwanitsa chaka chimene chidziwitso chikufuna, wagwiritsapo ntchito tabuleti, ndipo wafunsa anthu m'Chisena. Zofunika zitatu mwa zinayi zinabisika m'mzere umodzi uja. Pa sivi yatsopano zilembedwe ngati ntchito zitatu zosiyana, kuyambira ya 2023 kubwerera m'mbuyo. Iliyonse ikhale ndi udindo, bungwe kapena komiti imene ankagwira nayo, malo, miyezi, ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu zoyamba ndi zimene ankachita: analemba, anagawa, anafunsa, anatumiza. Mawu oti anali wodzipereka asachotsedwe. Akhalepo pambali pa udindowo, chifukwa ndi zoona ndipo olemba ntchito akafunsa adzamva zomwezo.

Pa manambala samalani. Alembe okhawo amene angawafotokoze atafunsidwa. Ngati sakukumbukira bwino kuti mabanja anali angati, alembe kuti pafupifupi, kapena asiye nambalayo n'kutchula midzi imene ankayendamo. Pa intavyu funso loti "mabanja 500 amenewa munawawerenga bwanji?" limagwetsa munthu amene nambala anamupangira mnzake.

Njira yomweyi imagwiranso kwa mlembi wa banki mkhonde amene wasunga mabuku zaka zitatu, kwa wogulitsa mayunitsi ndi kutumiza ndalama pa foni amene amawerengera ndalama madzulo aliwonse, ndi kwa mphunzitsi wothandizira pasukulu ya pulayimale amene ankalipidwa ndi makolo. Zonsezi ndi ntchito, ndipo zikalembedwa ndi miyezi yake ndi zochita zake zimaoneka monga ntchito.

Nanga mboni zija amalemba kumapeto?

Kawirikawiri amafuna anthu atatu amene angamuchitire umboni. Mufunseni mnzanuyo za aliyense: ndi ndani kwa inu, ndipo akudziwa kuti mwamulemba? Nthawi zambiri yankho la funso lachiwiri limakhala lakuti ayi. Munthu amene waimbiridwa foni mwadzidzidzi n'kuyankha kuti, "Ndani ameneyo?" wawononga zonse zimene zinalembedwa pamwamba.

Ntchito za mabungwe zimatha ndi pulojekiti, ndipo oyang'anira amasamukira ku maboma ena n'kusintha manambala. Choncho mnzanuyo aimbire mboni iliyonse sabata yomweyo, apemphe chilolezo, aikumbutse miyezi imene anagwira limodzi, ndi kuiuza ntchito imene akufunsira. Mwa atatuwo, mmodzi kapena awiri akhale amene anamuona akugwira ntchito: woyang'anira msasa, mlangizi wa zaumoyo, mphunzitsi wamkulu. Abusa, ansembe, shehe kapena anyakwawa angachitire umboni za khalidwe, koma sangayankhe ngati munthu amatumiza mafomu pa nthawi yake, ndiye asakhale onse atatu otere. Achibale asalembedwe, ngakhale akhale ndi udindo waukulu. Komanso musalole kuti alembe dzina la munthu wotchuka amene anangopatsana naye moni pamsonkhano.

Sivi yake ndi yaitali. Tichotse chiyani?

Kwa munthu wa MSCE kapena dipuloma amene wagwira ntchito zaka zochepa, masamba awiri ndi okwanira. Tsamba lachikuto lokhala ndi maluwa m'mbali lichoke. Sukulu ya pulayimale ichoke ngati ali ndi MSCE. Mndandanda wa makhalidwe, woti ndi wolimbikira, woopa Mulungu, wokhulupirika, wotha kugwira ntchito popanda womuyang'anira, uli pa sivi ya aliyense ndipo suuza wowerenga kanthu. Ntchito zitatu zija ndi zimene zikusonyeza kulimbikirako. Mtundu wa munthu, ngati ali pabanja ndi chiwerengero cha ana sizifunika. Mpingo ungatchulidwe pokhapokha ngati akufunsira ku sukulu kapena chipatala cha mpingo chimene chafunsa zimenezo. Nambala ya chiphaso cha unzika isalembedwe pa pepala limene lizungulira m'mafoni a anthu, pokhapokha olemba ntchito ataipempha.

Koma mudzi, mfumu yaikulu ndi boma musafulumire kuzichotsa. Ntchito zambiri za m'midzi zimafuna munthu wokhala m'dera lomwelo, ndipo mawu oti amakhala kwa Mbenje akhoza kukhala amene angamulowetse pamndandanda. Zilankhulo nazonso zikwere pamwamba: Chisena, Chimang'anja, Chichewa, Chingerezi, ndi Chipwitikizi ngati amachidziwadi, poti malire a Mozambique ali pafupi. Ngati ali ndi laisensi ya njinga yamoto alembe; ngati amangoyendetsa popanda laisensi, asalembe kuti ali nayo.

Sivi imalembedwa m'Chingerezi, ndiye ngati inuyo Chingerezi chimakuvutani, nenani zimenezo ndipo mupeze mphunzitsi awerenge kalembedwe ka mawu. Yotumiza pa imelo ikhale PDF yokhala ndi dzina la mwini wake, osati zithunzi za masamba zojambula pa mphasa. Itsegulireni pa foni yanu muone ngati ikuwerengeka.

Zolakwa ndazipeza zambiri. Ndimuuze bwanji kuti asakhumudwe?

Kumbukirani kuti munthu amene wakupatsani sivi wakuonetsani moyo wake wonse pa masamba awiri, pamodzi ndi zaka zimene anakhala pakhomo ndi magiredi amene sanyadira. Ena akhala akufunsira ntchito zaka zingapo osaitanidwa ngakhale kamodzi. Choncho malo olankhulira ndi ofunika. Musamuuze pagulu la anzanu pamsika, ndipo musajambule sivi yake n'kuitumiza kwa ena kuti nawonso aone. Khalani awiri, pepala lili pakati panu, pensulo ili m'manja mwa mwini wake.

Yambani ndi chinthu chabwino chimene mwaonadi, ndipo muchitchule ndi dzina. Mawu oti "mwayesetsa" sathandiza. Nenani kuti, "Achemwali, ntchito ya tabuleti ija ndi imene akufuna anthuwa, ndipo ambiri amene afunsire alibe." Kuyamba chonchi si kunyengerera. Mnzanuyo ayenera kudziwa chimene chili champhamvu kuti asachichotse pokonza.

Kenako nenani cholakwa chachikulu kwambiri, osati chaching'ono. Ambiri timayamba ndi zilembo zolakwika chifukwa n'zosavuta kunena, ndipo tikafika pa nkhani yeniyeni mnzathuyo watopa kale. Zolakwazo zigaweni m'mutu mwanu m'magulu atatu: zimene zingamugwetse, monga nambala yolakwika ndi zaka zosemphana, zimene zikumufooketsa, monga ntchito yobisika m'mzere umodzi, ndi zongokongoletsa. Gulu loyamba linenedwe lonse. Pa lachiwiri sankhani ziwiri kapena zitatu. Lachitatu lingadikire.

Lankhulani za pepala ndi wowerenga wake, osati za munthuyo. M'malo monena kuti, "Simudziwa kulemba," nenani kuti, "Munthu amene sakukudziwani akawerenga apa sadziwa kuti munali pamsasa miyezi inayi." Cholakwa chilichonse chibwere ndi kakonzedwe kake. Ndipo pamene simukumvetsa, funsani musanaweruze. Mpata wa zaka ziwiri pa sivi ukhoza kukhala nthawi imene ankadwazika mayi ake, kapena imene banja linasamukira kumtunda nyumba itagwa. Mukadziwa chifukwa, mutha kugwirizana ngati n'koyenera kulemba chiganizo chimodzi chofotokoza, kapena kungokonzekera yankho la pa intavyu.

Ngati mwini sivi ndi wamkulu kwa inu, achimwene kapena amalume, ulemu ukhale m'kalankhulidwe koma mfundo isachepe. Mutha kunena kuti, "Achimwene, masiku ano olemba ntchito akumafuna masamba awiri, mungalole kuti tiyese kuifupikitsa, muone ngati ingakusangalatseni?" Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Wosankha ofunsira sadzamuimbira kumuuza chifukwa chimene anamusiyira, ndiye ngati inu simunena, palibe amene adzanene.

Ndaona kuti walemba zinthu zimene ndikudziwa kuti si zoona. Ndikhale chete?

Ayi. Koma siyanitsani kukuza ndi kunama. Kulemba kuti anali woyang'anira msasa pamene anali wothandizira kulemba mayina ndi kukuza, ndipo nthawi zambiri kumabwera chifukwa munthu akuopa kuti ntchito yake yeniyeni ndi yochepa. Mankhwala ake ndi mafunso asanu aja. Akaona kuti zoona zikalembedwa bwino zikukwanira, amasiya yekha udindo wobwereka.

Kulemba dipuloma imene alibe, kusintha giredi pa fotokope, kapena kugwiritsa ntchito setifiketi ya m'bale ndi nkhani ina. Chikalata chachinyengo ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo olemba ntchito atha kufunsa ku MANEB kapena ku koleji, ngakhale munthu atayamba kale ntchito. Komanso dera lathu ndi laling'ono: ogwira ntchito m'mabungwe a ku Nsanje ndi Chikwawa amadziwana, ndipo dzina likaipa pa bungwe limodzi mbiri imafika kwa ena. Muuzeni mosabisa, muli awiri: "Mnzanga, apa sindingakuthandizeni kukonza, chifukwa zidzakupwetekani. Tichotse, tilimbitse zimene muli nazo." Akakana, sivi ndi yake, koma inu musaikepo dzanja pa mzere umenewo ndipo musavomere kukhala mboni yake pa pepala limenelo.

Bwanji ngati ndikuona kuti ntchitoyo sangaipeze n'komwe?

Bwererani ku mndandanda wa zofunika uja. Ngati akusowa chimodzi mwa zimene chidziwitso chati n'zongowonjezera mwayi, afunsire. Ngati akusowa chimene chati n'chofunika ndithu, monga dipuloma ya zaulimi pamene iye ali ndi MSCE yokha, muuzeni. Kufunsira ntchito kuno kumadya ndalama: kutayipa, kusindikiza, mafotokope, envulopu, ndi ulendo wa ku boma kapena ku Nchalo. Munthu amene wagulitsa nkhuku kuti apeze ndalama zimenezi ayenera kudziwa mwayi wake ndalamazo zisanathe. Munene kuti, "Iyi akufuna dipuloma, ndipo ndikuona kuti pepala lanu aliika pambali asanaliwerenge. Koma sivi tikonzebe, kuti ya otolera uthenga ikatuluka mukhale wokonzeka." Chisankho chikhale chake.

Pamene mukuwerenga chidziwitsocho, onaninso ngati ntchitoyo ndi yeniyeni. Chikanena kuti ofunsira atumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lawo lilowe pamndandanda, ndi akuba. Ndipo kulikonse kumene akupereka, apereke mafotokope. Masetifiketi enieni amapita nawo yekha pa tsiku la intavyu n'kubwerera nawo.

Kodi si kwapafupi kuti ndingomulembera yatsopano?

N'kwapafupi lero, koma pa intavyu adzakhala yekha. Amene analemberedwa amadodoma akafunsidwa za chiganizo chimene chili pa pepala lake lomwe, makamaka ngati mwaikamo mawu a Chingerezi amene iye sawagwiritsa ntchito. Inu funsani mafunso, onetsani mzere umodzi mmene ungalembedwere, yotsalayo alembe yekha pa pepala asanapite kotayipa. Akabwera nayo yotayipidwa, iwerengeninso yonse, chifukwa zolakwa zatsopano zimalowa nthawi yotayipa, ndipo muimbenso nambala ija. Pomaliza mufunseni mafunso atatu kuchokera pa siviyo monga mmene angamufunsire pa intavyu. Mzere umene walephera kuufotokoza ndi pakamwa pake aulembenso kapena auchotse asanakapereke. Mumukumbutsenso kuti atenge kope ya siviyo pa foni kapena pa imelo yake, isatsale pa kompyuta ya wotayipa yokha.